Kukonza Mizere Yambiri Nthawi Imodzi: Mmene Makesa Ambiri Amagwirira Ntchito

Dziko la Malawi lili ndi maboma 28. Munthu amene akukonza fomu ya pa intaneti, ya mtundu uja wofunsa kuti mumachokera boma liti kenako n'kukutsitsirani mndandanda woti musankhepo, amayenera kulemba dzina la boma lililonse kawiri, mkati mwa zizindikiro zimene kompyuta imamva. Nthawi zambiri mayinawo amakhala ali nawo kale m'fayilo, lililonse pamzere wake. Titengepo anayi okha:

```
Dedza
Lilongwe
Nkhata Bay
Zomba
```

Koma chimene fomuyo ikufuna ndi ichi:

```html
<option value="Dedza">Dedza</option>
<option value="Lilongwe">Lilongwe</option>
<option value="Nkhata Bay">Nkhata Bay</option>
<option value="Zomba">Zomba</option>
```

Ambiri amayamba ndi mzere woyamba, kuumaliza, kutsikira wachiwiri, mpaka kufika wa 28. Pofika chapakati maso amakhala atatopa, ndipo penapake mtengero umodzi umatsala osalembedwa. Ntchito yomweyi itha kutha ndi kulemba mzere umodzi wokha, mizere ina yonse n'kumadzilemba yokha pa nthawi yomweyo.

Kandodo kophethira kamene kamakusonyezani pamene chilembo chotsatira chigwere, anthu a makompyuta amakatchula kuti kesa. Tinazolowera kuti kesa imakhala imodzi. Koma mapulogalamu ena olembera amalola kuti muike makesa ambiri, asanu kaya 500, ndipo batani lililonse limene mwadina limagwira ntchito pa makesa onsewo. Mukalemba chilembo, chimaoneka paliponse pamene pali kesa. Mukafufuta, paliponse pafufutika.

Nzeruyi si ya dzulo. Mu 2001 Robert Miller ndi Brad Myers a ku yunivesite ya Carnegie Mellon ku America anafotokoza za njira yokonzera malo ambiri a fayilo nthawi imodzi, ndipo inkagwira ntchito mu pulogalamu yotchedwa Lapis. Koma imene inazoloweretsa anthu ambiri ndi Sublime Text, imene Jon Skinner anatulutsa mu 2008. Lero pulogalamu imene ambiri ali nayo ndi Visual Studio Code ya kampani ya Microsoft, imene inatuluka mu 2015 ndipo ndi yaulere. Mabatani onse amene nditchule pano ndi a pulogalamu imeneyi pa kompyuta ya Windows. Pa Mac, pamene ndanena `Ctrl` nthawi zambiri mudine `Cmd`, ndipo pamene ndanena `Alt` mudine `Option`.

Kuika makesa

Njira yosavuta kuimva ndi ya mausi. Gwirani `Alt` osasiya, ndipo dinani paliponse pamene mukufuna kesa. Ndi yabwino ngati malowo ndi atatu kapena anayi omwazikana. Ngati mizereyo ili yondondozana, `Ctrl+Alt+Down` amaonjezera kesa pamzere wapansi ndipo `Ctrl+Alt+Up` pamzere wapamwamba. Pali makompyuta ena, makamaka akale, amene mukadina mabatani amenewa sikirini yonse imatembenuka chadodolido, chifukwa pulogalamu yoyendetsa zithunzi inawalanda kale mabataniwo. Musachite mantha zikatero. `Ctrl+Alt+Up` amaibwezeretsa, ndipo inu mungogwiritsa ntchito njira ina.

Njira imene ine ndimaiona kuti ndi yaphindu kuposa ziwirizi ndi `Shift+Alt+I`. Mumayamba mwasankha mizere imene mukufuna, kaya ndi mausi kaya ndi `Ctrl+A` ngati ndi fayilo yonse, kenako n'kudina mabatani atatuwo. Kesa imakakhala kumapeto kwa mzere uliwonse, wautali ndi waufupi womwe. Mukafuna kubwerera ku kesa imodzi, dinani `Esc`.

Zimenezi munthu amaziphunzira m'mphindi zochepa. Povuta ndi pamene makesa aikidwa kale ndipo mukufuna kuwayendetsa.

Maboma aja, pang'onopang'ono

Tsegulani fayilo ya mayina ija, dinani `Ctrl+A`, kenako `Shift+Alt+I`. Musanalembe kalikonse, yang'anani m'munsi mwa sikirini chakumanja. Pamene pamalembedwa nambala ya mzere, tsopano palembedwa `4 selections`, kapena `28 selections` ngati mwatenga maboma onse. Nambala imeneyi ndiyo mboni yanu. Mukaona 29, pali mzere wopanda kanthu pakati pa mndandanda, ndipo nawonso walandira kesa. Uchotseni kaye, chifukwa mukapitiriza fomu yanu idzakhala ndi boma lopanda dzina.

Tsopano tikufuna kuti kesa iliyonse igwire dzina la pamzere wake. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Woyamba kumene amayang'ana mzere wapamwamba, n'kuona kuti Dedza ali ndi zilembo zisanu, ndiye amagwira `Shift` n'kudina muvi wakumanzere kasanu. Dedza wagwidwa bwino, Zomba nayenso wagwidwa bwino pakuti zilembo zake ndi zisanu. Koma pa Lilongwe, amene ali ndi zilembo 8, kesa yangogwira "ongwe". Makesa ali ngati ana asukulu pa asembule: aphunzitsi akalamula kuti mapazi asanu kumanzere, onse amayenda mapazi asanu, ngakhale uja amene waima m'mphepete mwa ngalande.

Wodziwako pang'ono amati, ndigwire liwu lonse osati zilembo, ndipo amadina `Ctrl+Shift+Left`. Batani limeneli limalumpha liwu lathunthu posayang'ana kutalika kwake, choncho Dedza, Lilongwe ndi Zomba onse agwidwa. Koma Nkhata Bay ndi mawu awiri, ndipo kesa ya pamenepo yagwira "Bay" yekha. Pa maboma 28 vuto lotere limabisala, pakuti mizere ina yonse imaoneka bwino.

Batani loyenera ndi `Shift+Home`. Ilo silifunsa kuti zilembo ndi zingati kapena mawu ndi angati; limangoti, kuchokera pamene ndili mpaka poyambira mzere. Tanthauzo lake ndi limodzi pamzere uliwonse. Ndipo luso lonse la makesa ambiri lagona pamenepa: batani lililonse musanalidine, dzifunseni ngati likutanthauza chinthu chomwecho pa mizere yonse, kapena pa mzere wokhawo umene maso anu ali. `Home` ndi `End` sanama kawirikawiri. Kulumpha ndi `Ctrl` ndi muvi kumadalira mmene mawu akhalira. Kuwerenga zilembo ndi muvi wokha kumangoyenera pamene mizere yonse ili yofanana ndendende pa chigawo chimenecho.

Mayina atagwidwa, dinani `Ctrl+X`. Mizere yonse ikhala yopanda kanthu, koma musade nkhawa, kesa iliyonse yasunga dzina lake. Lembani chiyambi:

```
<option value="
```

Dinani `Ctrl+V`, ndipo kesa yoyamba imata Dedza, yachiwiri Lilongwe, yachitatu Nkhata Bay, yachinayi Zomba. Lembani `">`, dinaninso `Ctrl+V`, ndi kumaliza ndi `</option>`. Dinani `Esc`. Mwalemba mzere umodzi, ndipo onse 28 atha.

Zinthu ziwiri zingasokoneze zotsatira zake. Choyamba, ngati pulogalamu yazindikira kuti fayiloyo ndi ya HTML, imafuna kukuthandizani: mukatsegula mtengero imaika wotsekera yokha, mukalemba `>` imathanso kulemba `</option>` yokha. Mukalemba mosayang'ana mupeza zotsekera zili ziwiriziwiri, ndipo zili choncho pamzere uliwonse. Lembani modekha, maso ali pa sikirini. Chachiwiri ndi mipata yosaoneka. Ngati wina analemba Zomba n'kusiya mpata kumapeto, mpatawo ulowa mkati mwa mitengero, ndipo kwa kompyuta Zomba wa mpata ndi Zomba wopanda mpata ndi maboma awiri osiyana. Musanayambe ntchito dinani `Ctrl+K` kenako `Ctrl+X`, ndipo mipata yonse ya kumapeto kwa mizere ichoka.

Kumata kuja kuli ndi lamulo lake

Chimene chinachitika pa `Ctrl+V` n'choyenera kuchimvetsa, chifukwa chimagwiranso ntchito pa zinthu zochokera kwina. Lamulo lake ndi ili: ngati mizere imene mwakopera ili yofanana chiwerengero ndi makesa, kesa iliyonse imalandira mzere umodzi, motsatana kuchokera pamwamba. Ngati chiwerengero chasiyana, ngakhale ndi umodzi wokha, kesa iliyonse imalandira zonse.

Ndiye ngati muli ndi mayina a maboma m'fayilo, ndipo zigawo zake, Kumpoto, Pakati ndi Kumwera, zili mu Excel m'dongosolo lomwelo, mutha kukopera mabokosi 28 a mu Excel, kuika makesa 28 kumapeto kwa mizere, kulemba mpatuliro, ndi kumata. Boma lililonse lilandira chigawo chake. Koma mukakopera mabokosi 27, kesa iliyonse imata onse 27, ndipo fayilo ifufuma kufika mizere mazanamazana. Kulakwa kumeneku n'kwabwinoko chifukwa kumaoneka msanga, ndipo `Ctrl+Z` amabweza zonse pa makesa onse nthawi imodzi. Koopsa ndi kuja chiwerengero chafanana koma dongosolo lasiyana, mwina mu Excel mayina anasanjidwa motsata alifabeti pamene m'fayilo sanatero. Pulogalamu siidziwa kuti Zomba ali Kumwera. Imangomata chachinayi pa kesa yachinayi.

Pamene mizere ili yosalongosoka

Taonani mndandanda wa mitengo ngati umene wa golosale angalembe:

```
Shuga K4500
Mafuta ophikira K9000
Ufa wa kondowole K3000
Sopo K1200
```

Tikufuna kuti ulowe mu Excel, dzina m'bokosi lake ndi mtengo m'bokosi lake. Ndiye kuti mpata ndi `K` za patsogolo pa mtengo zichoke, m'malo mwake palowe mpatuliro. Mayina a katundu ndi osiyana kutalika, ena liwu limodzi ena atatu, choncho kuyambira kumanzere sikungathandize.

Njira yoyamba imene imabwera m'mutu ndi kusankha mpata ndi `K` pamzere woyamba, kenako kudina `Ctrl+Shift+L`, amene amaika kesa paliponse pamene zimene mwasankhazo zikupezeka m'fayilo. Koma yang'anani m'munsi muja: palembedwa `5 selections` pamene mizere ndi inayi. Yachisanuyo yagwira mpata ndi "k" wa kondowole, pakuti pulogalamu, mukapanda kuiuza, siisiyanitsa chilembo chachikulu ndi chaching'ono. Mukanalemba mpatuliro, ufa uja ukanasanduka "Ufa wa,ondowole". Mankhwala ake ndi kutsegula kabokosi kofufuzira ndi `Ctrl+F` ndi kuyatsa kachizindikiro ka `Aa`, kapena kudina `Alt+C`, musanasankhe zonse.

Njira yachiwiri ndi kubwerera ku funso lija: n'chiyani chimene chili chofanana pa mizere yonse? Yankho ndi lakuti mtengo ndiwo liwu lomaliza. Choncho yambirani kumanja. Sankhani zonse, `Shift+Alt+I`, kenako `Ctrl+Left` kamodzi. Kesa iliyonse yaima patsogolo pa `K` wa mtengo. `Delete` achotsa `K`, `Backspace` achotsa mpata, ndipo mulemba mpatuliro:

```
Shuga,4500
Mafuta ophikira,9000
Ufa wa kondowole,3000
Sopo,1200
```

Njira imeneyi siisamala za zilembo zimene zili m'dzina la katundu, ndipo ine ndimaikonda chifukwa cha chimenecho. Koma nayonso ili ndi polekezera. Wina akalemba mtengo umodzi ngati `K12,500`, mpatuliro wa pakatiwo umadula liwu, ndipo `Ctrl+Left` aima patsogolo pa `500` osati pa `K`. Zikatero `Delete` adya 5, `Backspace` adya mpatuliro, inu n'kubwezerapo wina, ndipo mzerewo utsala ndi `K12,00`. Palibe chimene chingakuchenjezeni. N'chifukwa chake mukangoyendetsa makesa, musanafufute kanthu, ndi bwino kuyendetsa maso kutsika mndandanda wonse kuti muone ngati kesa iliyonse yaima poyenera. Mizere iwiri kapena itatu yopulukira ndi bwino kuikonza pamanja poyamba, kuti yonse ifanane maonekedwe, kenako n'kuitana makesa.

Pali chinanso chimene chimachitika pa mizere yaifupi. Kesa ikafika poyambira mzere inu n'kudinabe muvi wakumanzere, imakwera kumapeto kwa mzere wapamwamba. Mukadina `Backspace` kasanu ndi kamodzi kumapeto kwa Dedza, kasanu kachotsa zilembo ndipo kachisanu ndi chimodzi kalumikiza mzerewo ndi wapamwamba pake. Ndipo makesa awiri akakumana pamalo amodzi amasanduka kesa imodzi, osagawikanso. Nambala ya m'munsi ija ikatsika inu musanafune, dziwani kuti zimenezi zachitika. Ngatinso mizere yanu ili yaitali moti yapindika pa sikirini, `End` ndi `Home` amayamba aima pothera kapena poyambira chigawo chooneka, osati mzere weniweni. Dinani `Alt+Z` kuti mizere iwongoke musanayambe.

Kusankha limodzilimodzi

Nthawi zina simufuna malo onse, mukufuna ena okha. Tinene kuti mlembi wa sukulu walemba chidziwitso ndipo aphunzitsi aakulu akuti liwu loti "ana" lisinthidwe likhale "ophunzira":

```
Ana onse abwere ndi makolo awo.
Mwana aliyense atenge khasu.
Chaka chatha ana anabwera mochedwa.
Makolo asabwere ndi ana akhanda.
```

Batani la ntchito imeneyi ndi `Ctrl+D`. Kudina koyamba kumagwira liwu limene kesa ili, kwachiwiri kumaonjezera malo otsatira pamene liwulo likupezeka, ndipo mumapitiriza choncho, sikirini ikukutsatirani. Mukafika pamalo amene simukuwafuna, dinani `Ctrl+K` kenako `Ctrl+D`. Malowo asiyidwa ndipo kesa ilumphira patsogolo. Mukapitirira muyeso, `Ctrl+U` amabweza kesa yomalizayo popanda kukhudza zolembedwa.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti zotsatira zimadalira mmene mwayambira. Mukangoika kesa mkati mwa liwu, osasankha kanthu, n'kudina `Ctrl+D`, pulogalamu imafufuza liwu lathunthu lolembedwa chimodzimodzi. Kuyambira pa "ana" wa mzere wachitatu, ipeza wa mzere wachinayi basi. "Ana" wa chilembo chachikulu imusiya. Koma mukayamba mwasankha zilembo zitatuzo ndi mausi, imafufuza zilembozo paliponse pamene zagundana, pokhapokha mutayatsa `Alt+W`, amene amati liwu lathunthu lokha. Chichewa chimamanga mawu pomatiza tizigawo, choncho zilembo zitatuzi zili ponseponse: mu "Mwana", mu "anabwera", mu "anali", mu "kukambirana". Kusankha zonse ndi `Ctrl+Shift+L` n'kulemba mosaona kungakupatseni "Mwophunzira aliyense" ndi "ophunzirabwera mochedwa".

Ngakhale kufufuza liwu lathunthu sikungapulumutse mzere wachinayi. "Ana akhanda" si ophunzira, ndipo zimenezo amadziwa ndi munthu wowerenga yekha. Apa ndi pamene `Ctrl+D` amaposa kusintha zonse kamodzi: malo aliwonse mumawaona musanawavomere. Dziwaninso kuti makesa onse amalemba zofanana, choncho "Ana" woyamba chiganizo akakhala m'gululo asanduka "ophunzira" wa chilembo chaching'ono, ndipo muyenera kubwererako.

Pamene makesa ambiri sayenera

Makesa amagwira ntchito m'fayilo imodzi. Ngati liwu likufunika kusintha m'mafayilo 40, chida chake ndi `Ctrl+Shift+H`, chimene chimafufuza ndi kusintha m'mafayilo onse ndipo chimakuonetsani mndandanda wa malowo musanavomere. Olemba mapulogalamu akafuna kusintha dzina la chinthu m'pulogalamu yawo adine `F2`, pakuti batani limeneli limamva chilankhulo cha pulogalamuyo, ndipo limasiyanitsa dzinalo ndi liwu lofanana nalo limene langopezeka m'ndemanga kapena m'chigawo china. Makesa amangoona zilembo.

Kukula kwa fayilo nakonso ndi malire. Visual Studio Code imalola makesa 10,000 ngati simunasinthe `editor.multiCursorLimit`, koma malire enieni amafika kale nambala imeneyi isanakwane. Ubwino wa makesa ambiri ndi woti mumaona zimene zikuchitika pamene zikuchitika. Sikirini ya laputopu imaonetsa mizere makumi angapo chabe. Makesa akakhala 2,000, ochuluka akulemba kumene maso anu safika, ndipo mzere umodzi wa `K12,500` uwonongeka inu osadziwa. Pa fayilo yotere, gwirani zigawozigawo zokwana pa sikirini, kapena gwiritsani ntchito `Ctrl+H`, amene amawerenga malo onse ndipo amakulolani kuwayendera limodzilimodzi. Ndipo ngati ntchito yomweyo ibwera mwezi uliwonse, monga kukonza lipoti lochokera ku makina a malipiro, makesa sakumbukira zimene munachita mwezi watha. Pamenepo pakufunika kapulogalamu kolembedwa kamodzi.

Kuika manambala otsatana, 1, 2, 3 mpaka 28, Visual Studio Code siichita yokha pa makesa, pakuti onse amalemba chimodzi. Njira yachidule ndi lamulo la kumata lija: kokani manambalawo mu Excel, akopereni, ndi kuwamata pa makesa ofanana nawo chiwerengero. Amene amagwiritsa ntchito Notepad++ ali ndi `Column Editor`, yotsegulidwa ndi `Alt+C`, imene imafunsa nambala yoyambira ndi yoonjezera n'kudzaza yokha.

Mukasamukira ku pulogalamu ina, yesani mabataniwa pa fayilo yopanda ntchito kaye, chifukwa amasinthana matanthauzo. Mu Notepad++, `Ctrl+D` amabwereza mzere umene muli, kuulemba kawiri. Mu Sublime Text kesa imaonjezeredwa ndi `Ctrl` ndi mausi osati `Alt`, `Ctrl+Shift+L` amagawa zimene mwasankha kuti mzere uliwonse ukhale ndi kesa yake, ndipo wosankha malo onse a liwu ndi `Alt+F3`.